Kanema wanga wa mandasi: anthu akuthawira pati?

Nachisale wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji abale anga apagulu? Ndithandizeni maganizo. Sabata ziwiri zapitazo ndinaika pa YouTube kanema wa kaphikidwe ka mandasi ofewa a geni. Kutalika kwake ndi 8:20. Mu YouTube Studio akundionetsa kuti waoneredwa ka 1,200, Average view duration ndi 2:30, Average percentage viewed ndi 30%, ndipo Watch time ndi maola 50. Loweruka ndikufuna kujambula wa zitumbuwa, koma mutu wanga waima. Kodi 30% ndi yabwino kapena yoipa? Nanga ndisinthe chiyani?

Gift wa ku Ndirande: Asisi nkhani yanu njosavuta. Anthu akuonera 2:30 basi, ndiye kuti mphindi zinazo mukungovutika nazo chabe. Fupikitsani, wa zitumbuwayo akhale wa mphindi 3. Mudzaona peresenti ikukwera mpaka 60. Amalawife bandulo ndi yodula, palibe angakhale mphindi 8 pa mandasi.

Che Jafali: Achimwene a Gift, za bandulo mwanena zoona, ndibwereranso pamenepo. Koma pa 2:30 paja mwaterereka pang'ono. Nambala imeneyo sikutanthauza kuti munthu aliyense amaonera mpaka 2:30 n'kutseka. Amatenga nthawi yonse imene anthu anaonera n'kuigawa ndi kuchuluka kwa maulendo amene kanemayo anaoneredwa. Yesani nokha: masekondi 150 kuchulukitsa ndi 1,200 ndi masekondi 180,000, ndiwo maola 50 ajawa. M'kati mwa anthu amenewo muli wina anatseka pa sekondi ya 10, wina anaonera mpaka kumapeto. Mwina amene anatsekadi pa 2:30 penipeni ndi ochepa kwambiri.

Ndiye mukafupikitsa mwachisawawa, mutha kudula gawo limene anthu amalikonda n'kusiya limene likuwathamangitsa. Komanso taonani masamu anu omwewo: 60% ya mphindi 3 ndi 1:48. Peresenti yakwera, inde, koma munthu aliyense wakhala nanu nthawi yochepa kuposa 2:30 ya panopa.

A Nachisale, tsegulani kanemayo mu Studio, pitani pa Analytics, kenako Engagement. Pali chithunzi cha mzere wotsika, cha Audience retention, choonetsa peresenti ya anthu amene akuonerabe pa nthawi iliyonse ya kanemayo. Yendetsani chala pamzerewo, mutiuze maperesenti pamalo pamene mzere ukusintha khalidwe. Mutiuzenso zimene mukuchita mu kanemamo pa nthawi imeneyo.

Mayi a Tadala: Inenso vuto langa ndi lomweli ndithu. Ndimaika makanema a kwaya yathu ya ku Bangwe koma anthu oonera sakwana ndi 80 omwe. Anandiuza kuti ndisinthe chithunzi chapachikuto. Asisi sinthani chithunzicho, muike mandasi okongola pafupi.

Gift wa ku Ndirande: Amayi, zija n'zina. Chithunzi chimakoka munthu kuti atsegule. Asisiwa anthu akutsegula kale, koma sakukhalitsa.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndaona. Nazi zimene ndapeza, ndalemba papepala uku ndikuonera.

Pa 0:30 patsala 55%. Pa 0:50 patsala 44%. Kuyambira pa 0:00 mpaka 0:12 pamabwera dzina la tchanelo ndi kanyimbo, mwana wa achemwali anga ndiye anandikonzera. Kuchoka apo mpaka 0:50 ndimapereka moni, kuthokoza amene anaonera kanema wa chigumu, ndi kupempha anthu kuti adine Subscribe.

Pa 2:10 pali 38%. Apa ndakhala ndikuonetsa fulawa, shuga, yisiti, mkaka, n'kumasakaniza.

Pa 3:40 pali 25%. Apa mpamene ndimakanda, uku ndikufotokoza za mmene mtengo wa mafuta ndinaupezera ku msika wa Limbe.

Kenako mzere ukuyenda chogona, koma pa 5:15 wadumpha kufika 31% n'kubwereranso pansi. Pa 6:50 pali 21%, pomaliza penipeni 7%.

Che Jafali: Eya, tsopano tili ndi pogwira. Muzikumbukira kuti pa 1,200, peresenti imodzi ndi anthu pafupifupi 12. Ndikuti pafupifupi chifukwa munthu mmodzi atha kuonera kawiri, koma tiyeni tiwerenge choncho kuti zimveke.

Pofika 0:50 mwataya 56 pa 100 alionse, anthu oposa 670, ndipo fulawa sanaoneke n'komwe. Kanema aliyense amataya anthu poyambirira, zimenezo musadandaule nazo. Ena amatsegula mwangozi, ena amangofuna kusuzumira. Koma munthu amene analemba kuti mandasi pofufuza, wadikira masekondi 50 osaona mandasi, osamva chilichonse cha mandasi. Amayamba kukayika ngati wafika pakhomo poyenera. N'chifukwa chake YouTube imaika payokha nambala ya pa 0:30, pa Key moments for audience retention, pamene palembedwa Intro. Imafuna kukuuzani ngati chiyambi chikugwirizana ndi zimene mutu ndi chithunzi zinalonjeza.

Koma pamene ine mtima wanga uli ndi pa 2:10 mpaka 3:40. Amene afika pa 2:10 si ongodutsa ayi. Apirira kanyimbo, apirira moni, aona zosakaniza, akufunadi kuphika. Anali pafupifupi 456. Pofika 3:40 atsala 300. Mu masekondi 90 mwataya munthu mmodzi pa atatu alionse mwa anthu anu enieni. Fanizirani ndi gawo la zosakaniza: masekondi 80, kuchoka pa 44 kufika pa 38 basi. Fanizirani ndi 3:40 mpaka 6:50: mphindi zoposa zitatu, kuchoka pa 25 kufika pa 21. Pamene mukuphunzitsa, anthu akukhala. Pamene kamera yangoima pa manja akukanda ndipo nkhani yapita ku Limbe, akuchoka.

Apa mpamene ndikusiyana ndi a Gift. Kutalika pakokha sindiye vuto. Gawo lalitali kwambiri mu kanemayu ndi limene likusunga anthu bwino kuposa onse.

Gift wa ku Ndirande: Chabwino, koma mapeto ake ndi omwe aja. Mukachotsa moni, kukanda ndi kutsanzika, kanemayo wafupika. Ndiye ndinanama pati?

Che Jafali: Wafupika kufika mwina mphindi 6, osati 3. Ndipo tadziwa chodula.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa: Pepani ndilowerere. Ine sindijambula kwambiri, ndimangoika maphunziro a masamu a Fomu 4 nthawi zina, koma pa nkhani ya moni sindikugwirizana nanu. Ife ndi Amalawi. Munthu sungalowe m'nyumba ya eni n'kungoyamba nkhani osapereka moni. Ine ndimaonera makanema a mayiwa, ndipo chimene ndimawakondera n'choti amalankhula ngati mnansi wako. Nkhani ya ku Limbe ija ine ndinaimvetsera yonse, inandikhudza chifukwa mafuta akutipweteka tonse. Mukawachotsera zonsezo atsala ngati makanema akunja aja, manja okhaokha opanda munthu.

Nachisale wa ku Chilomoni: Aphunzitsi mwandilankhulira. Pamene pakundiwawa mpomwepo. Pali amayi ena amandilembera kuchokera ku Joni kuti akamva moni wanga amakumbuka kumudzi. Ndingawataye bwanji amenewo?

Che Jafali: Musawataye. Aphunzitsi ali m'gulu la anthu amene amabwerabwera, ndipo mzere umene taona wasakaniza iwowo ndi alendo. Pa kompyuta, kapena mukatsegula studio.youtube.com pa foni n'kusankha kuti ioneke ngati ya pa kompyuta, mzerewu umatha kugawidwa, kuona wa obwerabwera paokha ndi wa atsopano paokha, ngati anthu achuluka mokwanira. Ndikuganiza kuti mudzapeza kuti obwerabwera akupirira moni, atsopano ndi amene akuthawa. Koma taonani kaye, ine ndikungoganiza.

Ndipo sindikuti musapereke moni. Ndikuti usunthe malo ndiponso ufupike. Yambani ndi chitumbuwa chakupsa, mwachinyema pakati, nthunzi ikutuluka, inu n'kunena m'mawu awiri atatu chimene munthu aphunzire lero. Kenako moni wa masekondi 5 kapena 8, manja ali kale pa nthochi. Kuthokoza anthu a ku Joni mutha kuchita uku mukusenda. Kanyimbo ka masekondi 12 kaja ndiye kachoke, kapena katsale masekondi awiri.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa: Moni wothamanga si moni. Koma ndamva.

Chisomo: Ine ndifunse za pa 5:15 paja. Mzere ungakwere bwanji pakati pa kanema? Anthu anachoka aja abwerera? Ngati ndi choncho ndiye kuti pamenepo ndi pokoma, asisi achite zambiri zangati zimenezo.

Che Jafali: Mzere umakwera pa zifukwa ziwiri. China, anthu amene alipo akubweza m'mbuyo kuti aonenso, ndiye kagawoko kakuwerengedwa kawiri. China, anthu anadumpha magawo ena n'kudzatera pamenepo. Izi zikukhudzanso zimene ndanena za kukanda: ena mwa 156 aja mwina sanatseke, anangodumphira kutsogolo. Koma poti mzere sunabwerere m'mwamba pambuyo pa 3:40, kupatula kudumpha kwa pa 5:15, wangokhala cha m'ma 20, ambiri anapitiratu.

Tsono kubweza m'mbuyo sikutanthauza nthawi zonse kuti pakoma. Munthu amabwezanso pamene sanamve. A Nachisale, pa 5:15 pali chiyani? Ndipo taonani ndemanga za anthu pansi pa kanemayo.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndaonera kawiri. Apo mpamene ndimaponya kachidutswa ka mtanda m'mafuta kuyesa ngati atentha, kakayandama msanga ndiye kuti ali bwino. Nthawi yomweyo ndikubwereza muyezo wa yisiti, koma mafuta akuchita phokoso, mawu anga akumveka patali. Mu ndemanga anthu anayi afunsa kuti mwati yisiti masipuni angati.

Chisomo: Ndiye ndi chiti pamenepa, kuyesa mafuta kapena yisiti?

Che Jafali: Mzere sungatiuze, zonse zachitikira pamalo amodzi. Ndemanga zikuloza ku yisiti, koma kuyesa mafutako nakonso ndi chinthu chimene wophika geni angafune kuonanso. Mwayi wake ngwakuti mankhwala ake sakulimbana. Mu wa zitumbuwa, miyezo ilembedwe pakanema pamene mukuitchula, ikhale masekondi okwanira kuti munthu awerenge, ndipo muilembenso pansi pa kanema. Kuyesa mafuta kujambulidwe pafupi, inu mutakhala chete kapena mawu mudzaike pambuyo. Mukadzaona mzere wakweranso pa mafuta pamene miyezo yamveka kale, ndiye kuti anthu amakondadi gawo limenelo.

Gift wa ku Ndirande: Za bandulo munati mubwererako. Ine ndikuumirirabe kuti anthu ambiri amatseka chifukwa cha bandulo, osati moni. Ine ndemwe linki ikabwera pa WhatsApp ndimatsegula, ndikaona kuti ndi mphindi 8 ndimatseka pompo.

Che Jafali: Zimenezo zitha kuonedwa, sitikufunika kukangana. A Nachisale, pa Analytics ya kanemayo dinani Advanced mode, musankhe Traffic source, imene imaonetsa kumene oonera anachokera. Pamzere uliwonse pali Views ndi Average view duration. Tiuzeni.

Nachisale wa ku Chilomoni: Pafoni zinandikanika, ndachita kubwereka laputopu kwa aneba. External: 700, nthawi yake 1:30. YouTube search: 300, nthawi yake 4:40. Zina zonse pamodzi ndi 200, cha pa 2:45. Linki ndinaitumiza m'magulu asanu ndi limodzi a WhatsApp, la mpingo, la banki m'khonde, la makolo akusukulu ndi ena, komanso pa sitatasi.

Gift wa ku Ndirande: Mwaona! Si izo.

Che Jafali: Apa a Gift mwawina theka, ndikuvomera. Oposa theka la oonera anachokera kunja kwa YouTube, ndipo akukhala 1:30 yokha. Ambiri mwa iwo anatsegula chifukwa amakudziwani, sanali ndi maganizo ophika tsiku limenelo. Kaya ndi bandulo kaya ndi kusowa chidwi, nambala sizinena. Amenewa akukokera pansi 55% ya pa 0:30 ija, ndiye si onse otayika poyamba amene tingawaike pamutu pa moni.

Koma taonani enawo. Anthu 300 ofufuza okha akukhala 4:40, ndiyo 56% ya kanema yense. Masekondi awo onse ndi 84,000, pamene a anthu 700 aja ndi 63,000. Ochepawo akupatsani nthawi yambiri kuposa ochulukawo. Funso lanu loyamba lija, loti 30% ndi yabwino kapena yoipa, yankho lake ndi limeneli: ndi 18% ya anthu a m'magulu yosakanizidwa ndi 56% ya ofuna kuphika. Mukanafupikitsa kufika mphindi 3 pofuna kusangalatsa a m'magulu, mukanamana amene akufunadi maphunziro onse.

Mayi a Tadala: Ndiye kuti kutumiza linki m'magulu n'kolakwika? Ife a kwaya timadalira zomwezo. Ndinamva kuti YouTube imalanga kanema amene anthu akutseka msanga.

Che Jafali: Sindinganene kuti musiye, makamaka kwaya, chifukwa anthu a mpingo ndiwo eni nyimbozo. Chimene ndikunena n'choti powerenga muzisiyanitsa. Kwa a Nachisale ndingati atumize kumene kuli ophika ndi ochita geni, monga gulu la banki m'khonde lija, ndipo alembe kuti mu kanemamo muli chiyani, kuti wotsegula akhale woti akufuna. Inu amayi, ndi anthu 80, mzere wanu muziuona mosamala. Munthu mmodzi yekha ndi woposa peresenti imodzi, ndiye anthu anayi magetsi akawazimira mzere umaoneka ngati wagwa m'dzenje. Ndiponso zizindikiro za Key moments zija zimafuna kanema wa masekondi osachepera 60 amene waoneredwa kosachepera ka 100. Inu muzifananiza makanema angapo, muone ngati onse akugwa pamalo ofanana, monga pamene wotsogolera akulankhula nyimbo isanayambe.

Mayi a Tadala: Abusa amayamba ndi mawu pafupifupi mphindi imodzi mu kanema aliyense. Koma amenewo sindingawadule, ndingayambe milandu.

Chisomo: Bwanji mawu a abusa akhale kanema wapayekha? Kapena muike nthawi pansi pa kanema kuti ofuna nyimbo adumphe. Mumalemba motere:

```
0:00 Mawu otsegulira
1:05 Nyimbo yoyamba
4:30 Nyimbo yachiwiri
```

Yoyamba iyenera kukhala 0:00, zikhale zitatu kapena kuposa, ndipo gawo lililonse lisachepere masekondi 10.

Nachisale wa ku Chilomoni: Nanga kumapeto, kuchoka 21% kufika 7%? Pa 6:50 ndimati "basi mandasi athu apsa", kenako ndimalawa, ndimawerengera phindu la geni pang'ono, n'kutsanzika.

Che Jafali: Mawu akuti "basi" aja anthu amawamva ngati belu loweruka. Kugwa kwa kumapeto kulibe ululu ngati kwa pakati, munthu watenga kale chimene anadzera. Chondidandaulitsa n'chakuti mwaika kuwerengera phindu pambuyo pake, pamene mutu wa kanema ukuti a geni. Gawo limenelo laonedwa ndi anthu ochepa kwambiri, chonsecho mwina ndi limene ambiri akanalifuna. Libwere mandasi ali pamoto, kapena mulonjeze poyamba kuti likubwera. Mukatha, tsanzikani mwachidule, masekondi 20 omaliza muikepo End screen yolozera ku kanema wina.

Koma musasinthe zonse tsiku limodzi n'kumayembekezera kudziwa chimene chathandiza. Zolemba miyezo chitani, zimenezo n'kukonza cholakwika. Zoyesa zenizeni zikhale ziwiri, zimene zili pamalo osiyana pamzere kuti muzione padera: chiyambi, ndi gawo la ntchito yobwerezabwereza ngati kukanda. Pa zitumbuwa ndiye kusinja nthochi. Onetsani poyamba, dulani, onetsani mmene zikuonekera zikafika, masekondi 20 akwana.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa: Nanga nkhani zija aziikamo pati? Ndikufunsa moona mtima.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndiyesa kuika kankhani kamodzi kakafupi pamene zitumbuwa zili m'mafuta, poti pamenepo pali choonera. Tione ngati mzere ugwe.

Nachisale wa ku Chilomoni: Ndabweranso abale. Wa zitumbuwa watha masiku asanu. Mawa lake nditaika, mzere sunkaoneka, ndinachita mantha, koma unabwera patapita masiku awiri. Kutalika 6:10, waoneredwa ka 640, Average view duration 2:50, ndiyo 46%. Pa 0:30 pali 71%. Posinja nthochi mzere sunagwe, wangotsika pang'ono. Palibe wafunsa za miyezo. Pa kankhani kaja, masekondi 25, watsika kuchoka 44 kufika 39. Linki ndinatumiza m'magulu awiri okha.

Gift wa ku Ndirande: Zakwera ndithu. Koma oonera achepa, 640 pa 1,200. Maola ake ndi 30 basi.

Che Jafali: Musafananize masiku asanu ndi sabata ziwiri, mudikire afike msinkhu umodzi. Pa kusinja ndikukhulupirira kuti kudula kwathandiza, chifukwa amene amafika pamenepo ndi ofuna kuphika m'makanema onse awiri. Pa 71% ndiye ndikukayikabe. Mwasintha chiyambi, komanso mwachepetsa magulu, ndiye ongosuzumira achepa okha. Kuti tidziwe, mutipatse Average view duration ya YouTube search yokha ndi ya External yokha, tifananize ndi 4:40 ndi 1:30 zija, tikukumbukira kuti kanemayu ndi wamfupi. Muonenso pamene akufananiza ndi makanema anu ena a kutalika kofanana.

Aphunzitsi a ku Zingwangwa: Kuchoka 44 kufika 39 ndi anthu 32 okha. Ine ndikuti kankhaniko kakhale. Amene anatsalawo ndi amene adzabwerenso mawa.

Chisomo: 32 pa anthu pafupifupi 280 amene analipo, mu masekondi 25. Si zochepa aphunzitsi.

Nachisale wa ku Chilomoni: Kankhani ndikasunga kaye mu kanema wotsatira, koma ndikaika pambuyo pa kuwerengera phindu. Laputopu aneba apita nayo ku ntchito ku Ginnery Corner, manambala a Traffic source nditumiza madzulo akabwera.